Matani 650 pa hekitala imodzi? Tiyeni tiwerengenso mitengo ya m'poloti yanu

"Ndine mnyamata wa ku Ntcheu. Ndinaphunzirako za nkhalango ndipo ndikuthandiza komiti ya m'mudzi mwathu kudziwa kuchuluka kwa kaboni m'nkhalango yathu ya mahekitala 30. Ndinayeza poloti yozungulira ya mamita 12.62 kuchokera pakati, ndi tepi ya atelala. Ndinapezamo mitengo 12, ndipo manambala ake m'masentimita ndi awa: 25, 25, 31, 31, 31, 38, 38, 47, 57, 63, 79 ndi 126. Nditaika mu fomula ya miombo ya kuno ku Malawi ndapeza matani oposa 650 pa hekitala. Mnzanga akuti fomulayo ndi yolakwika, nditenge ya ku Tanzania. Ndikhulupirire iti?"

Achimwene, mtima m'malo. Ntchito yanu sinapite pachabe, ndipo simufunika kubwerera kutchire kukayezanso poloti imeneyi. Fomulayo ilibe mlandu. Chimene chachitika n'chakuti tepi ya atelala imakuuzani kuzungulira kwa thunthu, pamene fomula imafuna dayamita, kutanthauza utali wa mzere wodutsa pakati pa thunthu kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Manambala anu akudziulula okha. Mtengo wa dayamita ya masentimita 126 ndi chimphona choti anthu awiri akuluakulu sangachikumbatire n'kugwirana manja, ndipo m'nkhalango ya m'mudzi mtengo wotere ukanakhala ndi dzina lake. Koma 126 ngati kuzungulira ndi mtengo wa masentimita 40, mombo kapena mchenga wabwinobwino umene unapulumuka nkhwangwa. Akatswiri ali ndi tepi yawo yolembedwa mbali ziwiri, imene mbali imodzi imapereka dayamita pompopompo. Inu mulibe, ndipo palibe vuto. Gawani nambala iliyonse ndi 3.14, basi.

Mwina mukudabwa kuti kukulitsa nambala katatu kokha kwabala bwanji matani ochuluka chonchi. Apa mpamene pagona nkhani yonse, choncho ndiloleni ndifotokoze mmene mafomulawa amapangidwira.

Alangizi a ziweto amatha kukulunga tepi pachifuwa cha ng'ombe n'kukuuzani kulemera kwake popanda sikelo, chifukwa anthu ena anayeza kale ng'ombe zambiri pa sikelo n'kuona mgwirizano wa chifuwa ndi kulemera. Ku mitengo n'chimodzimodzi. Ofufuza amasankha mitengo ingapo, yaing'ono, yapakati ndi ikuluikulu, ya mitundu yosiyanasiyana. Amayeza dayamita mtengo uli chiimire, kenako amaugwetsa, n'kuuduladula, thunthu palokha, nthambi pazokha, tinthambi patokha, zonse n'kuzikweza pa sikelo zili zaziwisi. Pa gawo lililonse amatengapo tizidutswa tokaumitsa mu uvuni mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, kuti adziwe madzi anali ochuluka bwanji. Chimene chimatsala madzi atachoka ndi chimene timatcha bayomasi. Akatero amafufuza masamu amene akulumikiza bwino dayamita ndi kulemera kouma kwa mitengo yonse ija. Masamu amenewo ndiwo fomula ya alometiri.

Imene mwagwiritsa ntchito inu, ngati ndi imene ambiri akugwiritsa ntchito kuno, inasindikizidwa mu 2016 ndi a Daud Kachamba a ku LUANAR pamodzi ndi anzawo. Anagwetsa mitengo 74 m'nkhalango zinayi za boma: Mtangatanga, Kongwe, Mua-Livulezi ndi Tsamba. Waung'ono kwambiri unali wa masentimita opitirira pang'ono 5, waukulu kwambiri wa masentimita 111. Fomula yake yofuna dayamita yokha ndi iyi:

```
B = 0.21691 × D^2.318391
```

D ndi dayamita m'masentimita, yoyezedwa pa mamita 1.3 kuchokera pansi. B ndi kulemera kouma kwa mtengo wonse wa pamwamba pa nthaka, m'makilogalamu. Yang'anitsitsani nambala yachiwiriyo, 2.318. Ikunena kuti kulemera sikukwera mofanana ndi dayamita, kumathamanga kwambiri. Mtengo wa masentimita 10 umalemera makilogalamu 45. Wa masentimita 20 sulemera 90 ayi, umalemera 225. Wa masentimita 40 umafika 1,123. Dayamita ikawirikiza kawiri, kulemera kumawirikiza kasanu. N'chifukwa chake kuika kuzungulira m'malo mwa dayamita sikuchulukitsa yankho katatu, koma ka 14. Ndipo taonaninso kuti 126 wanuyo anali atatuluka kale kunja kwa malire a mitengo imene fomulayo inapangidwira. Nambala ikapitirira malire a fomula, imani kaye mufunse ngati ndi mtengo ulidi wotero kapena ndi pensulo yaterereka.

Tsopano tiwerenge bwinobwino. Mu Excel ikani kuzungulira mu ndime A kuyambira pa A2, ndipo mulembe mafomula awiriwa mu B2 ndi mu C2, n'kuwakokera pansi:

```
=A2/PI()
=0.21691*B2^2.318391
```

Madayamita anu, titawazungulitsa kuti tisavutike ndi timadontho, atuluka motere: iwiri ya 8, itatu ya 10, iwiri ya 12, kenako 15, 18, 20, 25 ndi 40. Ya masentimita 8 ija ikulemera makilogalamu 27 uliwonse, ya 10 ikulemera 45, ya 12 ikulemera 69. Wa 15 ndi makilogalamu 116, wa 18 ndi 176, wa 20 ndi 225, wa 25 ndi 378, ndipo wamkulu uja ndi 1,123. Mukaphatikiza mitengo yonse 12 mupeza makilogalamu 2,345. Mu kompyuta mwanu nambalayi isiyana pang'ono chifukwa inu simuzungulitsa, musadandaule nazo.

Poloti yanu munaisankha bwino. Bwalo la mamita 12.62 kuchokera pakati limakwana masikweyamita 500, ndipo hekitala ndi masikweyamita 10,000, choncho mapoloti 20 otere ndiwo hekitala imodzi. Chulukitsani 2,345 ndi 20, mupeza makilogalamu 46,900, amene ndi matani pafupifupi 47 pa hekitala. Nambala imeneyi ndi yomveka. Miombo yokhwima ya kumadera ouma imakhala cha m'ma 55 pa hekitala, ya kumadera a mvula yambiri cha m'ma 90. Nkhalango ya m'mudzi imene anthu akhala akutolamo nkhuni ndi milimo kukhala pa 47 sizodabwitsa. Sungani manambala awiriwa m'mutu. Tsiku lililonse mukapeza matani mazanamazana m'miombo, dziwani kuti penapake pasokonekera, ndipo malo oyamba kufufuza ndi miyeso: kuzungulira m'malo mwa dayamita, mamilimita m'malo mwa masentimita, kapena makilogalamu amene aiwalika kugawidwa ndi 1,000.

Kuchoka pa bayomasi kufika pa kaboni ndi kosavuta. Pafupifupi theka la mtengo wouma ndi kaboni, ndipo malangizo a 2006 a IPCC, bungwe la akatswiri a za kusintha kwa nyengo padziko lonse, amati tichulukitse ndi 0.47. Matani 46.9 kuchulukitsa ndi 0.47 ndi matani 22 a kaboni pa hekitala. Anthu a malonda a kaboni sawerenga kaboni weniweniyo, amawerenga mpweya wa kaboni dayokisaidi umene mtengo unayamwa kuti upange kaboniyo, ndipo mpweyawo ndi wolemera kuposa kaboni yekha chifukwa uli ndi okosijeni. Kuti mufike pamenepo chulukitsani ndi 44 n'kugawa ndi 12, kapena mwachidule ndi 3.67. Mupeza matani pafupifupi 81. Ndiye muli ndi manambala atatu a poloti imodzi yomweyo: 47, 22 ndi 81. Onse ndi oona, koma polemba lipoti lanu nenani momveka kuti iyi ndi iti. Ndakhalapo pa misonkhano pamene anthu awiri amatsutsana mpaka kutuluka thukuta, wina akunena za kaboni, mnzake za mpweya, onse akulondola.

Pali njira yachidule imene imakopa anthu ambiri, ndipo ndikuchenjezeni musanaiganizire. Munthu amati, m'malo mowerengera mtengo uliwonse, bwanji ndipeze dayamita yapakatikati ya mitengo yonse, ndiike mu fomula kamodzi, ndichulukitse ndi chiwerengero cha mitengo? Tiyeni tiyese ndi poloti yanu. Madayamita onse pamodzi ndi 188, kugawa ndi 12 ndi masentimita 15.7. Mtengo wotero umalemera makilogalamu 128, ndipo 12 yotero ndi makilogalamu 1,534. Yankho lenileni lija linali 2,345. Mwataya gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhalango yanu muli pampando. Chifukwa chake n'chomwe chija: mtengo waukulu umalemera mopitirira kwambiri gawo lake, ndipo kutenga pakatikati kumaufufuta. Mtengo uliwonse ulowe mu fomula pawokha, kuphatikiza kubwere pambuyo.

Tifike pa mawu a mnzanu uja. Fomula ya ku Tanzania imene akunenayo iyenera kukhala ya a Mugasha ndi anzawo ya 2013, yochokera pa mitengo 167 ya m'miombo ya kumeneko:

```
B = 0.1027 × D^2.4798
```

Ndi ntchito yabwino, ndipo fomula ya kuno isanatuluke ambiri tinkadalira imeneyi. Mukaika madayamita anu okonzedwa aja, mtengo wa masentimita 10 ukutuluka makilogalamu 31 m'malo mwa 45, wa 40 ukutuluka 965 m'malo mwa 1,123, ndipo poloti yonse ikupereka matani pafupifupi 38 pa hekitala m'malo mwa 47. Kusiyana kwake ndi gawo limodzi mwa asanu. Mukanangosintha fomula osakonza madayamita, mukanapezabe matani mazanamazana. Ndiye mnzanuyo anaona kuti pali vuto, koma analoza chala polakwika.

Palinso fomula ina imene mudzakumana nayo m'malipoti ambiri, ya a Chave ndi anzawo ya 2014, yochokera pa mitengo yoposa 4,000 ya m'mayiko otentha padziko lonse. Iyo imafuna zinthu zitatu: D ndi dayamita, H ndi kutalika kwa mtengo m'mamita, ndipo ρ ndi kulimba kwa thabwa la mtengowo, kutanthauza magalamu a thabwa louma mu kyubikisentimita imodzi.

```
B = 0.0673 × (ρ × D² × H)^0.976
```

Tiyerekeze kuti mtengo wanu wamkulu uja ndi wotalika mamita 14 ndipo kulimba kwa thabwa lake ndi 0.7. Fomulayi ikupereka makilogalamu 837. Mtengo umodzi, mayankho atatu: 1,123, 965 ndi 837. Palibe amene akunama. Fomula iliyonse imanena zoona za mitengo imene inagwetsedwa poipanga. Kaimireni pansi pa mombo wokhwima muyang'ane kumwamba. Thunthu limangokwera mamita ochepa kenako limagawanika, nthambi zikuluzikulu n'kuyala m'mbali, ndipo kulemera kwambiri kuli m'nthambimo. Mtengo wa m'nkhalango yowirira ya mvula yambiri umakwera chowongoka, nthambi zochepa kumwamba kwenikweni. Fomula yophatikiza mitengo ya dziko lonse siingaudziwe bwino mombo wanu ngati fomula imene inapangidwa pogwetsa mitengo ya ku Mua-Livulezi, kufupi ndi kwanu komweko.

Ndiye langizo langa n'lakuti khalani pa fomula ya ku Malawi. Chifukwa chake si chakuti ikupereka nambala yaikulu, koma chakuti mitundu ya mitengo, nthaka ndi mvula zikufanana ndi zanu, ndipo madayamita anu onse ali mkati mwa malire ake. Mu lipoti lembani dzina la fomula imene mwagwiritsa ntchito, ndipo sikulakwa kuonjezera chiganizo chimodzi chonena kuti ya ku Tanzania ikanapereka 38. Wowerenga wodziwa zinthu amakukhulupirirani kwambiri akaona zimenezo. Choletsedwa ndi kuyesa mafomula onse n'kusankha yokoma, kapena kuyeza chaka chino ndi fomula ina, zaka zisanu zikubwerazi ndi inanso. Mukatero mudzapeza kuti nkhalango yakula kapena yatha pomwe chasintha ndi masamu okha.

Za kutalika ndinene mwachidule. Ntchito ya ku Malawi ija ili ndi fomula inanso yophatikiza dayamita ndi kutalika, ndipo ngati muli ndi chipangizo choyezera kutalika komanso mumachidziwa, igwiritseni ntchito. Koma kutalika kongoyerekeza ndi maso kumaononga kuposa mmene kumathandizira. Nsonga ya mtengo wa nthambi zoyala siioneka bwino uli pansi pake, ndipo anthu awiri amasiyana ndi mamita awiri kapena atatu pa mtengo umodzi. Bola dayamita yokha yoyezedwa bwino.

Mitengo ina fomula ya miombo siyiidziwa n'komwe. Mlambe ndiwo woyamba: thunthu lalikulu koma la fuwafuwa, lodzaza madzi, moti mukauika mu fomulayi mlambe umodzi udzalemera kuposa poloti yonse. Ulembeni padera. Bulugamu ndi paini wa m'minda yodzala ali ndi mafomula awo, tsanya nayenso chimodzimodzi. Mtengo wa mphako, wothyoka mutu kapena wosadzidwa nthambi ndi otola nkhuni fomula imauwerenga ngati wathunthu, choncho lembani m'buku mwanu mmene mwaupezera. Mukamatenga fomula iliyonse m'buku, werengani zimene ikutulutsa. Ena amapereka kaboni kale, ndipo mukachulukitsanso ndi 0.47 mwadula yankho pakati. Ena ndi a thunthu lokha opanda nthambi. Enanso amalembedwa ndi `ln`, ndipo mu Excel muyenera kugwiritsa ntchito `LN` ndi `EXP`, osati `LOG`, imene ndi masamu ena.

Koma kunena zoona, kusankha fomula si kumene kukundidetsa nkhawa pa ntchito yanu. Chondidetsa nkhawa ndi mtengo wa masentimita 40 uja. Wokha ukulemera makilogalamu 1,123 mwa 2,345, pafupifupi theka la poloti yonse. Chikhomo cha pakati mukanachikhoma mamita awiri cha kumadzulo, mtengowo n'kutsala kunja, mukanalemba matani 24 pa hekitala m'malo mwa 47. Nkhalango yomweyo, tsiku lomwelo, fomula yomweyo. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa Malawi ndi Tanzania kuja. Pamenepa pali maphunziro awiri.

Loyamba ndi la mtengo wa m'malire. Mtengo uli mkati ngati pakati pa thunthu lake pali mkati mwa mamita 12.62, ndipo zimenezi sizoyang'ana ndi maso. Kokani tepi kuchokera pa chikhomo kufika pakati pa thunthu, muwerenge. Mtima wa munthu umafuna kukokera mtengo wokongola mkati, makamaka a komiti ali pomwepo akuyang'ana, ndipo mukamatero pa poloti iliyonse nkhalango yonse imanenepa pa pepala. Pamalo otsetsereka, ndipo ku Ntcheu malo otere ndi ambiri, gwirani tepi mopingasa, isagone motsata phiri. Pa mtunda wopendekeka madigiri 20, bwalo loyezedwa motsata nthaka limakwana masikweyamita 470 okha osati 500, ndiye mukachulukitsabe ndi 20 mwaichepetsa nkhalango ndi 6 pa 100 aliwonse.

Lachiwiri n'lakuti poloti imodzi singalankhulire mahekitala 30. Musachulukitse 47 ndi 30 n'kukauza amfumu. Mufunika mapoloti ambiri, ndipo malo ake asasankhidwe ndi miyendo yanu, chifukwa miyendo imakonda pamthunzi, pafupi ndi njira, popanda chitedze. Jambulani mapu a nkhalango, mulembepo mizere yopingasana motalikirana mofanana, mwachitsanzo mamita 100, ndipo pamene mizere yakumana ndi pamene pali poloti, kaya pagwera pa thanthwe, pa chulu kapena pamene anaotchapo makala. Poloti yopanda mtengo imalembedwa 0 ndipo imalowa m'masamu. Kuisiya ndi kunama. Ngati nkhalango ili ndi mbali ziwiri zosiyana poonekera, kwina mitengo ikuluikulu, kwina mphukira zokhazokha, igaweni pawiri, mbali iliyonse muiwerengere payokha ndi mahekitala ake.

Mapoloti angati? Yambani ndi 10, muwerengere matani pa hekitala a poloti iliyonse, ndipo muone mmene akusiyanirana. Mu Excel gawani `STDEV` ndi `AVERAGE` n'kuchulukitsa ndi 100, nambala imeneyo tiitche CV. Kenako sankhani kuti mukulola kuphonya ndi zingati pa 100, tiitche E. Chiwerengero cha mapoloti ndi pafupifupi ichi:

```
n = (2 × CV / E)²
```

Tiyerekeze kuti CV yatuluka 50, zimene sizachilendo m'nkhalango yodulidwadulidwa. Mukalola kuphonya ndi 20 pa 100 mufunika mapoloti 25. Mukafuna kuphonya ndi 10 pa 100 yokha mufunika 100. Kuchepetsa kuphonya ndi theka kumafuna ntchito yowirikiza kanayi. Pa zofuna za komiti ya m'mudzi, mapoloti 25 mpaka 30 ndi okwanira, ndipo mizere ya mamita 100 ija pa mahekitala 30 ikupatsani chiwerengero chomwecho. Ngati muli ndi anthu okuthandizani, njira ina yochepetsera vuto la mitengo ikuluikulu ndi kukhala ndi mabwalo awiri pa chikhomo chimodzi: laling'ono loyezeramo mitengo yonse, ndi lalikulu, la mamita 17.84 limene ndi masikweyamita 1,000, loyezeramo ikuluikulu yokha. Mungokumbukira kuti ya m'bwalo lalikulu ichulukitsidwa ndi 10, osati 20.

Poti mubwerera kutchire, tikambeko za kagwiridwe ka tepi. Dulani ndodo yowongoka ya mamita 1.3 muziyenda nayo, chifukwa chifuwa cha munthu wamtali ndi cha wamfupi sizili pamodzi. Pa mtunda imikani ndodoyo kumtunda kwa mtengo. Tepi izungulire thunthu mopingasa, yokoka bwino, yosapotoka, ndipo zilambe zokwera pa thunthu muzichotse kaye kapena mulowetse tepi kunsi kwake. Mtengo wopendekeka muuyeze motsata thunthu lake. Pa mamita 1.3 pakakhala chotupa kapena bala la kumene anasendapo luzi, kwerani pang'ono kufika pamene thunthu lili bwino, n'kulemba kuti mwatero. Tepi ya atelala imatamuka ikakalamba, ndiye muziifananitsa ndi tepi yachitsulo ya amisiri musananyamuke. Kuphonya ndi sentimita imodzi pa mtengo wa 40 ndi makilogalamu 66, kuposa mtengo wathunthu wa masentimita 10. Mitengo ikuluikulu muziiyeza kawiri.

M'nkhalango za m'midzi mitengo yambiri ndi mphukira, zitatu kapena zinayi pa chitsa chimodzi. Lamulo ndi lakuti mtengo ukagawanika pansi pa mamita 1.3, thunthu lililonse limayezedwa palokha n'kulowa mu fomula palokha. Ukagawanika pamwamba pake, ndi mtengo umodzi. Musaphatikize madayamita. Mathunthu awiri a masentimita 20 ndi makilogalamu 450, koma mukawalemba ngati mtengo umodzi wa 40 mwalenga makilogalamu 1,123, oposa 600 mwa iwo kulibeko. Timitengo tosafika masentimita 5 musatiike mu fomulayi. Tiwerengeni chiwerengero chabe m'kabwalo kakang'ono, kuti komiti idziwe ngati nkhalango ikudzibwezeretsa.

Zonse tawerengazi ndi za pamwamba pa nthaka. Mitengo ya miombo ili ndi mizu yambiri, ndipo njira yodziwika ndi kuchulukitsa bayomasi ya pamwamba ndi nambala ina. Malangizo a IPCC aja amapereka 0.28 ku nkhalango zouma za m'mayiko otentha zopitirira matani 20 pa hekitala, pamene ofufuza amene anakumbadi mizu m'miombo anapeza zokulirapo, cha m'ma 0.4. Pa poloti yanu ndiye kuti mizu ndi matani 13 kapena 19, malinga ndi nambala imene mwatenga. Ilembeni pa mzere wakewake, osaisakaniza ndi ya pamwamba, chifukwa ndi yokayikitsa kwambiri. Pa mphukira manambala onse awiriwa amachepa, popeza kamtengo ka zaka zisanu kakhoza kukhala pa mizu ya mtengo umene unadulidwa uli ndi zaka makumi angapo. Kaboni wa m'dothi, amene m'miombo yambiri amaposa wa m'mitengo, tepi singamupeze. Ameneyo amafuna kukumba dothi n'kupita nalo ku labotale.

Ngati komiti ikufuna kudziwa mmene nkhalango ikukulira, mapoloti anu akhale okhazikika. Khomani chitsulo pakati chimire m'nthaka, lembani malo ake ndi GPS ya m'foni, patsani mtengo uliwonse nambala, ndipo pakani kamzere ka penti pamene tepi inadutsa. Mitengo ya miombo imanenepa ndi mamilimita ochepa chabe pa chaka, moti mukayeza chaka chamawa, tepi itatsika pang'ono pa thunthu, chimene mudzapeze ndi kunjenjemera kwa dzanja lanu osati kukula kwa mtengo. Dikirani zaka zitatu kapena zisanu, ndipo mudzayeze nyengo yomweyo ya chaka, chifukwa makungwa amafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe. Penti ikhale yosaonekera patali. Anthu akazindikira kuti mitengo yopakidwa ndi ya kafukufuku amaileka n'kumadula ya pambali, ndipo mapoloti anu amasiya kufanana ndi nkhalango yonse.

Pomaliza, pali pamene muyenera kufuna thandizo. Musanayambe mapoloti 30 aja, pitani ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma mukawaonetse mapu ndi fomu yanu, mwina akhozanso kukubwerekani tepi ya dayamita kapena kukupatsani mlangizi wodziwa mayina a mitengo. Mukapeza kuti mbali yaikulu ya nkhalango si miombo, kapena muli mitengo yopitirira malire a fomula, funsani a FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango la ku Zomba, kapena aphunzitsi a za nkhalango ku Bunda ndi ku yunivesite ya Mzuzu. Musagwetse mitengo kuti mupange fomula yanuyanu. Mitengo khumi singapose 74 ija, ndipo mudzangoononga chimene mukufuna kuteteza. Ndipo ngati kumbuyo kwa funso lanu kuli nkhani ya kugulitsa kaboni, a komiti auzidwe msanga kuti matani 81 aja si katundu woti apite naye ku msika. Ogula amalipira kaboni woonjezereka, kapena amene akanatayika popanda ntchito ya komitiyo, ndipo amafuna kuti ayezedwe ndi njira zawo n'kutsimikiziridwa ndi anthu apadera, zimene zimadya ndalama zoti mahekitala 30 paokha sangabweze. Munthu akabwera ndi mapepala oti amfumu asayine za kaboni wa nkhalangoyo, mapepalawo ayambe aonedwa ndi a ku ofesi ya za nkhalango komanso munthu wodziwa malamulo, ndipo muonetsetse zaka zimene mudziwo ukudzimanga ndi zimene anthu adzaletsedwe kutola m'nkhalangomo.